Ndalama zathu za penshoni zimapita kuti? Mafunso ndi mayankho pa masheya ndi mabondi

Mafunso awa ndi amene amabwerabwera chaka chilichonse masitetimenti a penshoni akangotuluka, ena pa misonkhano ya mamembala, ena pa nthawi ya nkhomaliro kuntchito. Ndawayankha poyang'ana mmene zinthu zimayendera kuno ku Malawi. Pamene ndapereka chitsanzo cha thumba kapena cha munthu wapantchito, manambala ake ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, si a kampani ina iliyonse.

Kodi ndalama zimene amandidula mwezi ndi mwezi zimakhala mu akaunti ku banki?

Ayi. Zimangodutsa ku banki, sizigonako nthawi yaitali. Kuyambira mu 2011, lamulo la penshoni limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro anu, inu muziika 5 peresenti, ndipo lamulo latsopano la 2023 silinasinthe zimenezi. Munthu amene amalandira K400,000 pa mwezi amadulidwa K20,000, abwana ake amaonjezera K40,000, zonse pamodzi K60,000. Pa chaka ndi K720,000.

Ndalamazi zikafika ku thumba la penshoni zimaphatikizidwa ndi za anzanu masauzande ambiri, kenako zimakagula katundu wobala phindu: masheya a makampani, zikalata za ngongole ya boma, nyumba zamaofesi ndi mashopu, ndipo pang'ono zimasiyidwa ku banki zolipirira amene akupuma. Nambala imene mumaiona pa sitetimenti ndi gawo lanu pa katundu yenseyo. Palibe kabati imene ili ndi dzina lanu.

Amene amasankha kokaika ndalamazo ndani?

Anthu ambiri amaganiza kuti ndi kampani imodzi imene imachita zonse, chifukwa dzina lake ndi limene limakhala pamwamba pa sitetimenti. Zoona zake n'zakuti ntchitoyi inagawidwa dala. Pali matrasti, amene ali ngati eni mbumba a thumbalo: iwo ndi amene amalemba mfundo zonena kuti gawo lalikulu bwanji lipite ku masheya, lalikulu bwanji ku ngongole ya boma. Pali oyendetsa mabuku, amene amalemba zopereka za membala aliyense ndi kulipira opuma. Pali akatswiri ogula ndi kugulitsa katundu, amene amagwira ntchito m'malire amene matrasti awaikira. Ndiye pali osunga, kawirikawiri banki, amene amasunga umboni wa umwini wa masheya ndi zikalatazo. Wogula asakhalenso wosunga, kuti wina akafuna kuchita zachinyengo apeze mnzake atatseka pakhomo.

Pamwamba pa onsewa pali Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Ofesi yake ndi imene imapereka ziphaso ndi kuika malire a kaikidwe ka ndalama.

Sheya ndi bondi zimasiyana bwanji?

Sheya ndi kachigawo ka umwini wa kampani. Thumba likagula masheya a Illovo kapena a National Bank, limakhala m'modzi mwa eni ake. Kampani ikapindula imagawira eni ake gawo la phindulo, limene amati dividendi, ndipo mtengo wa sheyayo ukhoza kukwera. Ikapanda kupindula, palibe amene ali ndi mangawa kwa inu. Palibe lonjezo.

Bondi ndi ngongole. Thumba limabwereketsa ndalama, wobwerekayo amalonjeza kulipira chiwongoladzanja chakutichakuti pa nthawi zoikika ndi kubweza ndalama yonse tsiku lakuti. Kuno wobwereka wamkulu ndi boma, kudzera ku Reserve Bank. Pali zikalata za nthawi yochepa, matrezhare bilu, za masiku 91, 182 ndi 364, ndiye pali za nthawi yaitali, za zaka 2, 3, 5, 7 mpaka 10. Mabondi a makampani alipo koma ndi ochepa kwambiri, moti munthu wa penshoni akanena kuti "mabondi" dziwani kuti makamaka akunena boma.

Pa mudzi tingati mwini sheya ali ngati amene wagawana munda ndi mnzake: mvula ikagwa bwino amakolola zambiri, kukachita ng'amba amabwerera ndi dengu lopanda kanthu. Mwini bondi ali ngati amene wabwereketsa matumba 10 a chimanga kuti adzalandire 12, kaya mvula igwe kaya isagwe. Kusiyana kwake n'kwakuti bondi salonjeza matumba, amalonjeza makwacha, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani ya funso lotsatirali.

Ngati boma limalipira chiwongoladzanja chachikulu chonchi, bwanji osangoika zonse kumeneko?

Funso ili limafunsidwa kuposa ena onse, ndipo silopusa. Mu 2024 chikalata cha boma cha masiku 364 chinkapereka 26 peresenti, za zaka zambiri zinkapitirira 30 peresenti. Munthu akamva manambala amenewa amaona ngati nkhani yatha.

Koma m'chaka chomwecho mitengo ya zinthu inkakwera ndi 30 peresenti kapena kupitirira pa chaka. Tiyerekeze kuti thumba laika K100,000 pa 26 peresenti. Pakutha pa chaka lili ndi K126,000. Katundu amene ankagulidwa K100,000 kumayambiriro kwa chaka tsopano akugulidwa K130,000. Makwacha achuluka, koma zogula nawo zachepa. Munthu wopuma pantchito sadya makwacha, amadya ufa, amagula sopo, mankhwala ndi feteleza. Onjezerani apo kugwa kwa kwacha: mu Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Amene anali ndi chikalata cha zaka zisanu pa nthawi imeneyo analandirabe chiwongoladzanja chimene analonjezedwa, osapungula ngakhale tambala, koma mtengo wa feteleza sunamudikire.

Masheya amathandiza pamenepa chifukwa kampani ikhoza kukweza mitengo yake. Shuga akakwera mtengo, ndalama zolowa ku kampani ya shuga zimakweranso. Sikuti zimayenda bwino nthawi zonse, koma pa zaka 20 kapena 30 katundu weniweni ali ndi mpata wothamanga limodzi ndi mitengo, pomwe bondi anamangidwa pa nambala imodzi.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti boma nalo ndi wangongole ngati wina aliyense. Ku Ghana, kumapeto kwa 2022, boma linalengeza kuti eni zikalata zake za m'dziko momwemo azisinthanitse ndi zatsopano za chiwongoladzanja chotsika ndi zaka zambiri. Mabungwe a anthu apantchito anaopseza kunyanyala ntchito, matumba a penshoni anayamba apatulidwa, ndipo mu 2023 anadzalowamo pa mfundo zawozawo. Ku Zimbabwe nkhani yake inali yowawa kuposa apa: kukwera kwa mitengo kosaneneka kumene kunafika pachimake mu 2008 kunasandutsa zopereka za zaka makumi kukhala zosagulira ngakhale buledi wa mwezi umodzi. Abale athu ambiri amene makolo awo anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a kumeneko nkhaniyi anaiona ndi maso.

Nanga bwanji osaika zonse m'masheya, poti msika wakhala ukukwera?

Zoona, msika wa masheya wa ku Blantyre, Malawi Stock Exchange, unakwera kuposa 70 peresenti mu 2023, kuposa kukwera kwa mitengo ya zinthu. Koma thumba la penshoni limalipira anthu mwezi uliwonse. Wina akupuma, wina wamwalira ndipo ana ake akudikira, wina wachotsedwa ntchito. Ngati ndalama zonse zili m'masheya ndipo msika wagwa, thumba limakakamizika kugulitsa motchipa kuti lipeze zolipira, ndipo chimene chagulitsidwa pa mtengo wotsika sichidzapindulanso msika ukadzadzuka. Zikalata za boma zimabweretsa ndalama pa masiku odziwika, moti wosamala thumba akhoza kuziyala kuti chikalata china chizikhwima chaka chino, china chaka chamawa, molingana ndi amene akuyembekezeka kupuma.

Vuto lina ndi la kuno kwathu. Msika wathu unayamba kugulitsa masheya mu 1996, NICO ndi imene inayamba kulembetsa, ndipo mpaka lero makampani olembetsa sanafike 20. Ambiri mwa akuluakulu ndi mabanki kapena makampani a zachuma: National Bank, Standard Bank, FDH, NBS, FMB Capital Holdings, NICO. Ena ndi TNM, Airtel, Illovo, Press Corporation, Sunbird, MPICO ndi ochepa otsala. Matumba a penshoni amalandira ndalama zatsopano mwezi uliwonse ndipo onse amathamangira makampani omwewo. Wogula achuluka, wogulitsa palibe, mtengo umakwera. Kukwera kotere kumaoneka bwino pa sitetimenti, koma tsiku limene matumba awiri atatu adzafune kugulitsa pamodzi, ogula pa mtengo umenewo sadzapezeka.

Ndipo pali chinthu chimene anthu ambiri sachiona. Gawo lalikulu la phindu la mabanki athu limachokera pobwereketsa boma. Ndiye thumba limene laika theka m'zikalata za boma, theka m'masheya a mabanki, limaoneka ngati lagawa ndalama pawiri, koma mbali zonse zatsamira pa wangongole m'modzi. Ineyo ichi ndi chimene chimandidetsa nkhawa kuposa kukwera ndi kutsika kwa msika kwa tsiku ndi tsiku.

Tapatseni chitsanzo. Phindu limene amalengeza pa chaka amalipeza bwanji?

Tiyerekeze thumba la K10 biliyoni. Matrasti anagwirizana kuti 45 peresenti ikhale m'masheya, 40 peresenti m'zikalata za boma, 10 peresenti m'nyumba, 5 peresenti ku banki. Ndiye K4.5 biliyoni, K4 biliyoni, K1 biliyoni ndi K500 miliyoni. Kuti masamu asasokonekere, tisawerengere zopereka zatsopano ndi zolipira opuma.

Chaka chayenda bwino. Masheya, kuphatikiza madividendi, abala 40 peresenti, afika pa K6.3 biliyoni. Zikalata za boma zabala 25 peresenti, zafika pa K5 biliyoni. Nyumba zabala 15 peresenti, zafika pa K1.15 biliyoni, ndipo za ku banki zabala 10 peresenti, zafika pa K550 miliyoni. Zonse pamodzi K13 biliyoni. Thumba lakula ndi 30 peresenti. Tichotsepo, tinene, 2 peresenti yolipira onse amene ndawatchula m'funso lachiwiri aja. Mamembala alandira 28 peresenti. Amene anali ndi K2 miliyoni tsopano ali ndi K2,560,000.

Pa msonkhano anthu aomba m'manja. Koma ngati mitengo ya zinthu yakwera ndi 30 peresenti chaka chomwecho, membala uja amafunika K2,600,000 kuti agule zomwe K2 miliyoni inkagula. Wapereweredwa K40,000. Chaka chimene chaoneka chabwino chija wabwerera m'mbuyo pang'ono.

Tsopano tembenuzani: masheya agwa ndi 20 peresenti, zina zonse zayenda monga kale. K4.5 biliyoni ija yasanduka K3.6 biliyoni, ndipo thumba lonse lili pa K10.3 biliyoni. Lakula ndi 3 peresenti yokha, zolipira zisanachotsedwe. N'zowawa, koma yerekezani ndi thumba limene linaika zonse m'masheya, limene lili pa K8 biliyoni. Ntchito ya mabondi m'thumba ndi imeneyi.

Ndinamva kuti amagulitsa masheya amene akukwera. Si kupusa kumeneko?

Bwererani ku chaka chabwino cha m'chitsanzo chija. Masheya a K6.3 biliyoni pa thumba la K13 biliyoni ndi kuposa 48 peresenti, pomwe matrasti anati 45. Popanda wina kusankha, thumba layamba kudalira masheya kuposa mmene anagwirizanirana. Kuti libwerere pa 45 peresenti, masheya ayenera kukhala K5.85 biliyoni, ndiye a K450 miliyoni agulitsidwe, ndalamazo zipite ku zikalata. Lamulo lodziikira lotere limakakamiza thumba kugulitsa zinthu zitakwera ndi kugula zitatsika, zimene mtima wa munthu sufuna kuchita.

Pa msika waung'ono ngati wathu, kugulitsa masheya a K450 miliyoni nthawi imodzi kukhoza kugwetsa mtengo wake. Choncho njira yosavuta ndi kutembenuza mpopi: zopereka zatsopano za miyezi ikubwerayo zimapita ku zikalata za boma mpaka magawo atabwerera m'malo mwake.

Kodi bondi angataye mtengo boma lisanalephere kulipira?

Inde, ndipo apa ambiri amadabwa. Tiyerekeze thumba lili ndi chikalata cha K1,000,000 cholipira 20 peresenti, ndiye kuti K200,000 pa chaka, ndipo kwatsala zaka ziwiri kuti chikhwime. Kenako boma layamba kubwereka pa 30 peresenti. Ndani angagule chikalata cha 20 peresenti pa mtengo wake wonse pomwe chatsopano chikupereka 30? Palibe. Wogula adzafuna kuchotseredwa mpaka phindu lake lifanane ndi 30 peresenti, ndipo masamu ake amafika pafupifupi K864,000. Chikanakhala kuti chatsala ndi zaka zisanu, mtengo wake ukanatsika kufika pafupifupi K756,000. Zaka zikachuluka, kugwa kumakulanso. Zikalata zenizeni zimalipira kawiri pa chaka, zimene zimasintha manambalawa pang'ono, koma mfundo yake ndi yomweyo.

Thumba likasunga chikalatacho mpaka kumapeto, lidzalandira K1,000,000 yake yonse. Chimene lataya ndi mwayi: zaka zonsezo likulandira 20 pomwe anzake akulandira 30. Zimayendanso chambuyo. Chiwongoladzanja chikatsika, amene anamanga ndalama zake pa 30 peresenti kwa zaka 10 ndi amene amaseka. N'chifukwa chake kusankha pakati pa chikalata cha miyezi itatu ndi cha zaka 10 ndi chisankho chachikulu ndithu, pafupifupi ngati kusankha pakati pa sheya ndi bondi.

Mnzanga wa kampani ina analandira phindu lalikulu kuposa ine chaka chatha. Ndiye kuti thumba lathu likutibera?

Musafulumire. Choyamba funsani mtundu wa thumba lanu. Pali matumba amene phindu lake limatsata msika mwachindunji: msika ukakwera 40 mumaona 40, ukagwa mumaonanso kugwako. Pali ena, kawirikawiri a makampani a inshuwalansi, amene amalengeza bonasi chaka ndi chaka. Amenewa chaka chabwino sagawa phindu lonse, amasungako lina m'nkhokwe kuti adzaonjezere chaka choipa. Membala wa thumba lotere amaoneka wotsalira msika ukamathamanga, ndipo amaoneka wamwayi ukagwa. Funsaninso ngati bonasi yonse yalengezedwayo ndi yanu mpaka kalekale kapena ngati gawo lina likhoza kubwezedwa zinthu zikavuta.

Kuyerekeza kwa chaka chimodzi sikunena zambiri. Yerekezani zaka zisanu, mutachotsa zolipira, poyang'ana kukwera kwa mitengo pa zaka zomwezo.

Kodi zaka zanga zili ndi kanthu pa nkhaniyi?

Zili nako kwambiri. Mtsikana wa zaka 25 amene wangoyamba ntchito, msika ukagwa, zopereka zake za mwezi umenewo zimagula masheya ambiri motchipa, ndipo ali ndi zaka makumi atatu zoti msika udzuke. Bambo amene akupuma chaka chamawa alibe nthawi imeneyo; kugwa kwa 20 peresenti kumamutsata mpaka kumudzi. M'maiko monga Britain ndi South Africa matumba ambiri amasamutsa ndalama za membala pang'onopang'ono kuchoka ku masheya kupita ku mabondi akamayandikira kupuma. Ngati thumba lanu lili ndi mphika umodzi wa aliyense, wamng'ono ndi wamkulu yemwe, matrasti amasankha njira yapakati imene siikomera aliyense kwenikweni. Funsani ngati pali mwayi wosankha.

Malamulo olola kutapa ndalama msanga amakhudzanso izi. Lamulo la 2023 linafupikitsa nthawi yodikira munthu akachoka ntchito kuchoka pa miyezi 6 kufika pa 3, ndipo ku Zambia chaka chomwecho mamembala a NAPSA, thumba la penshoni la dziko lonse kumeneko, analoledwa kutapa 20 peresenti ya zopereka zawo asanapume. Kwa amene ali pa mavuto ndi chithandizo chenicheni. Koma thumba limene likuyembekezera kuti anthu azitapa pafupipafupi liyenera kusunga ndalama zambiri pafupi, ku banki ndi m'zikalata za miyezi yochepa, kumene phindu lake ndi lochepa.

Bwanji osaika zina kunja, m'madola?

Pa nzeru za kaikidwe ka ndalama zikanathandiza, chifukwa kwacha ikagwa katundu wa kunjayo amakwera mtengo m'makwacha. Koma dziko limene likusowa madola ogulira mafuta ndi mankhwala silitulutsa madola mosavuta kuti akagule masheya kunja, ndipo malamulo a ndalama zakunja amatsekereza. Choncho ndalama zathu za penshoni zimazungulira m'bwalo laling'ono lomweli, ndipo mavuto a msika wopanikizika amene ndafotokoza pamwambapa amachokera pamenepa.

Ndingadziwe bwanji kuti zinthu sizili bwino?

Yambani ndi chinthu chimene sichikhudza msika n'komwe: kodi zopereka zanu zikufika? Olemba ntchito ena amadula 5 peresenti pa malipiro koma osatumiza, kapena kutumiza patapita miyezi yambiri. Ine zinandichitikirapo pa malo ena amene ndinagwirako ntchito. Pa pepala la malipiro mzere wa penshoni unkaoneka mwezi uliwonse, koma nditatenga sitetimenti n'kuwerenga mizere ndi chala ndinapeza isanu ndi iwiri m'malo mwa 12. Ndalamazo anadzatumiza pambuyo pake titachita phokoso, koma miyezi imene zinali m'manja mwa abwana sizinagule sheya ngakhale imodzi. Tengani mapepala anu a malipiro, aikeni pambali pa sitetimenti, muwerenge mwezi ndi mwezi. Ngati zikusiyana ndipo abwana akuzengereza, dandaulo limapita ku ofesi ya Registrar ku Reserve Bank.

Zikakhala kuti zopereka zikufika, pemphani lipoti la pachaka la thumba ndipo muyang'ane zinthu zitatu. Phindu la zaka zisanu, zolipira zitachotsedwa, laposa kukwera kwa mitengo kapena ayi? Ndi gawo lalikulu bwanji limene lili pa kampani imodzi, makamaka kampani ya abwana anu kapena yapachibale ndi amene akuyendetsa thumbalo? Ndipo pa phindu limene alengeza, ndi zingati zimene zinalowadi ngati ndalama, kutanthauza chiwongoladzanja, madividendi ndi lendi, ndipo ndi zingati zimene zangochokera pa kukweza mtengo wa katundu pa pepala? Funso lachitatuli likhale lolimba makamaka pa nyumba ndi pa masheya a makampani osalembetsa pa msika, chifukwa mtengo wa zimenezi sutchulidwa ndi wogula, umatchulidwa ndi katswiri woyerekeza amene walipidwa ndi thumba lomwelo. Ngati nyumba ikukwera mtengo m'mabuku chaka chilichonse pomwe maofesi ake theka alibe anthu, imikani dzanja pa msonkhano wa mamembala mufunse kuti lendi imene inatoleredwa chaka chimenecho inali zingati.